Angochotsa 1, koma mfuti yafooka: kuwerenga Patch Notes

Wowerenga wina wa ku Chitakale, ku Mulanje, wanditumizira imelo iyi: "Achimwene, itabwera apudeti analemba kuti mfuti yomwe ndimaikonda aitsitsa kuchoka pa 42 kufika pa 41. Ndinaseka kuti 1 ndi chiyani. Koma pano anthu omwe ndinkawagwetsa akundigwetsa. Kodi pali zina zomwe anasintha mobisa? Nanga amafooketseranji chinthu chomwe ife sitinadandaule nacho?"

Achimwene, sindikukhulupirira kuti abisa kanthu. Nkhani yonse ili mu Patch Notes, mndandanda wa zomwe opanga gemu asintha, pa mzere womwe munausekawo, womwe mwina unalembedwa chonchi:

```
Base damage: 42 → 41
```

Nambala imeneyi payokha siinena zambiri. Chofunika n'kuwerengera kuti pakufunika zipolopolo zingati kuti mdani agwe. Simunatchule gemu yanu, ndiye ndibwereka malamulo a PUBG, momwe munthu amakhala ndi moyo 100, ndipo vesiti ya Level 1 imachepetsa mphamvu ya chipolopolo ndi 30 peresenti, ya Level 2 ndi 40, ya Level 3 ndi 55. Tiyerekeze kuti mukuwombera pachifuwa, chapafupi.

Munthu wopanda vesiti amagwa ndi zipolopolo 3, kaya mphamvu ndi 42 kapena 41. Wa Level 1 amagwa ndi 4 konsekonse, wa Level 3 ndi 6 konsekonse. Pamenepa palibe chasintha. Tsopano taonani wa Level 2. Pa 42, chipolopolo chilichonse chimachotsa 25.2, ndiye zinayi zimakwana 100.8 ndipo munthuyo wagwa. Pa 41 chimachotsa 24.6, zinayi n'kukwana 98.4. Mdani uja watsala ndi kamoyo ka 1.6, akadali chilili, akukuwomberani. Mufunika chachisanu.

Ngati mfutiyo imatulutsa zipolopolo 10 pa sekondi, zinayi zimatenga 0.3 ya sekondi, poti choyamba chimatuluka nthawi yomweyo, pomwe zisanu zimatenga 0.4. Zikuoneka zochepa, koma pokumana maso ndi maso mpata umenewo ndi wokwanira kuti mnzanu akuyambirire. Onjezerani netiweki yathu ino, yomwe imati mitambo ikangophimba phiri nayonso n'kuyamba kukoka miyendo, ndiye muona chifukwa chake mukugwa. Ndipo akanatsitsa kuchoka pa 41 kufika pa 40, simukanamva kusiyana kwenikweni: 24 kuchulukitsa kasanu ndi 120, zipolopolo zikanakhalabe zisanu. Ine ndikaona 1 wochotsedwa pamalire ngati amenewa ndimadziwa kuti sanangolota. Amafuna mfutiyo isiye kulamulira pakati pa gemu, pomwe ambiri amakhala atavala vesiti yapakatiyo, koma isafe ntchito kwina konse.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe limapweteka mitu ya anthu. Opanga gemu sayang'ana gulu lanu la pa Chitakale lokha. Ali ndi ziwerengero za masewero onse, ndipo amaonetsetsa zinthu ziwiri: chida kapena katswiri, kutanthauza munthu wa m'gemu yemwe mumamuyendetsa, akusankhidwa kangati, komanso omusankhawo akupambana kangati. Mfuti ikamanyamulidwa ndi pafupifupi aliyense, mfuti zinazo zimasanduka zokongoletsa, ndiye amaifooketsa ngakhale palibe wadandaula. Adandaule ndani, poti aliyense akudya nawo?

Riot Games, eni ake a League of Legends, anafotokoza poyera njira yawo mu 2019. Anagawa osewera m'magulu anayi: wamba, odziwa, akadaulo, ndi osewera m'mipikisano ya ndalama. Katswiri akaposa muyezo m'gulu limodzi lokha amalandira Nerf, kutanthauza kufooketsedwa, koma kuti alandire Buff, kulimbikitsidwa, ayenera kukhala wofooka m'magulu onse anayi. N'chifukwa chake Azir ndi Ryze, akatswiri a m'gemu imeneyi, akhala akufooketsedwa kangapo pomwe osewera wamba ambiri ankaluza nawo kale: m'manja mwa a mipikisano anali oopsa. Zimawawa, koma si nkhanza.

Mukhozanso kudziwa amene akumulondola poona chomwe agwira. Akachepetsa mphamvu ya chipolopolo kapena moyo wa katswiri, zimakhudza tonse. Akawonjezera kudumpha kwa mfuti powombera, chomwe pa sikirini chimalembedwa Recoil, wovutika kwambiri ndi wamba, chifukwa kadaulo amatha kuigwira ndi chala. Akatalikitsa Cooldown, nthawi yodikira luso lisanagwirenso ntchito, wolira ndi kadaulo yemwe amaligwiritsa ntchito likangobwerera. Kandime kakang'ono komwe amakonda kulemba pamwamba pa manambala, komwe ambirife timadumpha pothamangira kuona zovala zatsopano, nthawi zambiri kamanena zimenezi mosabisa.

Mfuti yanuyo musaitaye. Lowani m'bwalo lophunzirira ndipo muwerenge nokha zipolopolo zomwe zikugwetsa munthu pa vesiti iliyonse. Zikakhala zisanu pa Level 2, zolowerani kuyamba ndi pachifuwa n'kulola mfuti ikwere yokha kumutu, poti chimodzi cha kumutu chimabweza chomwe anakuchotseranicho.