Funsani Dokotala: Soseji, khansa ndi mawu akuti "siginifikanti"

*Adokotala, ndalandira uthenga pa WhatsApp woti asayansi anapeza "korileshoni" yomwe ndi "siginifikanti" pakati pa soseji ndi khansa ya m'matumbo, ndipo akuti ndi chimodzimodzi ndi fodya. Ana anga ndimawaikira poloni m'buledi popita kusukulu. Kodi ndakhala ndikuwapatsa poizoni? — Mayi wa ana atatu, Lilongwe*

Mayi, mtima ukhale m'malo, simunawapatse poizoni. Nkhaniyi ndi ya mu Okutobala 2015, pamene IARC, nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa ku Lyon m'dziko la France, inaika nyama yokonzedwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala osungira, monga soseji ndi poloni, m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Zimenezo n'zoona. Chasokoneza ndi mawu awiri aja, chifukwa m'kamwa mwa asayansi satanthauza zimene ife timamva.

Korileshoni ndi kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri, basi. Kumudzi mumamva anthu akuti mango amayambitsa malungo. Akamatero sakunama pa zimene aona: mango akapsa, malungo achuluka. Koma mango amapsa mvula ikamayamba, ndipo mvulayo ndi imene imadzaza zithaphwi moswanirana udzudzu. Mango amangidwa pa mlandu wa udzudzu. Ofufuza za soseji anakumana ndi vuto lomweli, chifukwa munthu wodya nyama zoterezi tsiku ndi tsiku kawirikawiri amakhalanso wonenepa, wosuta kapena wosadya masamba. Anayenera kupatula zonsezo powerengera, n'kuona ngati kuyendera limodzi kuja kutsalabe. Kunatsala. Anaonanso njira imene zingachitikire m'thupi: mankhwala osungira nyama otchedwa naitiraiti amatha kusanduka zinthu zowononga khungu la m'kati mwa matumbo. Ndiye pa nkhani iyi umboni unapitirira pa korileshoni chabe, ndipo apa uthenga wanuwo sunalakwe.

Walakwa pa siginifikanti. Ife tikamva mawuwa timaganiza za chinthu chachikulu, choopsa. Kwa wofufuza, amangotanthauza kuti kusiyana kumene wapeza pakati pa magulu awiri n'kovuta kuti kungochitika mwamwayi. Muyezo wake wofala amaulemba chonchi: p < 0.05. Ndiye kuti, kukanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni, zotsatira ngati zimenezi zikanatuluka mwangozi kosakwana kamodzi pa maulendo 20 alionse. Mawuwa sanena chilichonse za kukula kwa vutolo. Kafukufuku akakhala wa anthu masauzande ambirimbiri, ngakhale kusiyana kwakung'ono ngati kambewu ka mpiru kamatha kukhala siginifikanti, monga sikelo ya wogula golide imaonera zimene sikelo ya chimanga singaone.

Tiyeni tiwerengere limodzi. IARC inati kudya magalamu 50 a nyama yotere tsiku lililonse, kumene ndi pafupifupi soseji imodzi, kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi 18 peresenti. Ambiri anamva ngati anthu 18 pa 100 alionse adzadwala. Ayi. Ndi 18 peresenti ya chiopsezo chimene munthu ali nacho kale. M'maiko olemera, kumene kafukufuku wambiriyu anachitikira, anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse amadwala khansayi pa moyo wawo wonse. Tengani 18 peresenti ya 5, mupeza 0.9. Choncho pa anthu 100 odya soseji tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, odwala adzakhala pafupifupi 6 m'malo mwa 5. Munthu mmodzi woonjezekerayo si wopeputsa, koma si mliri umene uthengawo ukufuna muone.

Zoti ndi chimodzimodzi ndi fodya n'zimene zimandipweteka mutu. Magulu a IARC amasonyeza mmene asayansi atsimikizira kuti chinthu chimayambitsa khansa, osati mphamvu yake. Fodya ndi soseji zili m'gulu limodzi chifukwa umboni wa zonse ziwiri ndi wokwanira. Koma wosuta ali ndi chiopsezo cha khansa ya m'mapapo choposa cha wosasuta maulendo 15 mpaka 30, pamene cha soseji chija sichifika n'kuwiri komwe.

Za anawo, poloni asakhale wa tsiku ndi tsiku. Kamodzi kapena kawiri pa sabata sindingakudzudzuleni, ngakhale kuti mchere wake ndi wambiri. Masiku ena muwaikire dzira lowiritsa, chiponde, mbatata kapena nthochi. Khansa ya m'matumbo imagwira kwambiri akuluakulu, choncho ngati inu kapena bambo akunyumba muona magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kapitidwe kuchimbudzi kwa milungu ingapo, kapena kuonda kosadziwika chifukwa, pitani kuchipatala osadikira, kaya mumadya soseji kaya ayi.