Musasayine za CV yonse, muvomere kampani imodzi imodzi

"Abale ndithandizeni, pali recruiter wa ejensi ina akuti ndisayine kuti iye yekha ndiye azitumiza CV yanga kumakampani. Ndisayine kapena ndikane?"

Achimwene musathamange ndi cholembera, kaye mumufunse kuti akufuna chani kwenikweni coz zinthuzi zilipo ziwiri. Pali chilolezo cha ntchito imodzi pa kampani imodzi, chimenecho ndi chabwinobwino. Ndiye pali chija choti CV yanu yonse ili mmanja mwake kulikonse, inuyo osaloledwa kuapulaya nokha, ichocho kanani basi.

Chifukwa chomwe akufunira pepalalo ndi ndalama. Ejensi imalipidwa ndi kampani ikakulembani ntchito, kawirikawiri kagawo ka salale yanu ya chaka choyamba, ndipo amene anayamba kukupititsani ndiye amadya. Ndiye CV yanu ikafika kawiri kuchokera ku maejensi awiri pamakhala mkangano woti komishoni ndi ya ndani, ndipo makampani ena safuna phokoso, amangoyiika pambali olo mukhale oyenera bwanji.

Ineyo zinandionekera. Ndinangoti "ok tumizani" pa foni osafunsa kuti mukutumiza kuti, recruiter wakeyo anamwaza CV yanga mmakampani, ine osadziwa. Patapita masabata ndinaapulaya ndekha pa kampani ina yomwe ndinkayifuna zedi, a HR nkundiyankha kuti dzina langa lilipo kale kudzera kwa ejensi ndiye ndidikire kwa iwowo. Mkulu uja foni anali atasiya kuyankha. Mpaka lero ndikaganiza mtima umawawa.

Ndiye recruiter wanuyo mulembereni imelo, osati za pakamwa. Atchule dzina la kampani, dzina la ntchitoyo ndi nambala yake ngati ilipo, komanso salale yomwe akakutchulireni kumeneko. Mulembe kuti chilolezochi ndi cha ntchito imeneyi yokha, chitha pakadutsa masiku 30, ndipo ngati sanatumize mkati mwa masiku atatu chafa chokha. Masikuwo mutha kukambirana koma tsiku lothera lisasowe. Muwonjezere kuti asasinthe kalikonse mu CV musanaone, ena amakuikirani maluso oti mulibe ndiye mumakagwidwa pa intavyu ngati wabodza ndinu.

Akayamba zoti dzina la kampani ndi chinsinsi, muuzeni kuti simukaulula koma simungasayine osalidziwa, nanga mudziwa bwanji ngati simunaapulaye kale komweko? Akakakamirabe, kapena akati musayine lero lomwe osawerenga, pamenepo mwina ntchitoyo palibe, akungotolera ma CV oti akasakire nawo makasitomala. Akati mulipire kaye ndiye thawani kumene.

Ndipo muzilemba penapake kuti ndani wakutumizani kuti, tsiku liti. Recruiter wina akabwera ndi kampani yomweyo mungomuuza kuti pepani kumeneko ndinapita kale, muli ndi ina?