Ekisitenda zanga ziwiri zili m'dirowa

"Achimwene, nyumba yathu kuno ku Kasungu ndi ya njerwa zootcha, zipinda zogona zisanu ndi chimodzi, kuseri kuli boyizikota. Rauta ili pabalaza koma wayifayi safika kuzipinda zakumapeto. Kushopu wina akuti ndigule ekisitenda, wina akuti meshi. Nditenge chiti?"

Mayi, kalata yanu yandiponda pachilonda. Pamene ndikulemba pano, m'dirowa mwanga muli ekisitenda ziwiri zabwinobwino, zangogona limodzi ndi machaja akufa. Ndalama zake ndikazikumbuka mtima umandipwetekabe.

Nyumba ya makolo anga ili chakunjira ya ku Mtunthama, ndipo inamangidwa ndi ndalama za fodya. Chaka chimene fodya wayenda bwino kumsika, bambo ankawonjezera chipinda, mpaka inatalika ngati buloko ya sukulu. Makoma ambiri amene lero ali m'kati kale anali akunja, ochindikala, opaka simenti uku ndi uku. Rauta yathu ndi ya simukhadi, ndipo netiweki imagwira bwino pawindo la pabalaza pokha, kumapeto kwenikweni kwa nyumba. Ukayeza liwiro utaima pamenepo umapeza 20 Mbps. Chipinda cha amayi chili kumapeto enawo, makoma anayi pakati, ndipo mlongo wanga wa ku Joni akaimba pa vidiyo, amayi ankadzuka usiku, chitenje paphewa, kukaima pabalaza.

Ndinagula ekisitenda yoyamba n'kukaibaya pasoketi m'chipinda mwa amayi momwemo. Pafoni timizere tonse tinadzaza, ine n'kudziguguda pachifuwa. Madzulo mlongo wanga kuimba, chithunzi chinangouma gwa. Zinanditengera sabata kuti ndimvetse kuti timizere tija timangoonetsa mmene foni ikumvanirana ndi ekisitenda, sitinena kanthu za mmene ekisitendayo ikumvera rauta. Kachipangizoka sikapanga intaneti yakeyake. Kamatola zimene kamva n'kuzibwereza mokweza, ndiye ukakaika pamalo pamene wayifayi wafa kale, kamangokuwa zopanda pake.

Ndinaisamutsira m'kolido, pakati. Pamalo amenewo foni inkapeza 12 Mbps kuchokera ku rauta mwachindunji, koma ndikalowa kudzera pa ekisitenda zinkatsika kufika pa 6. Chifukwa chake aliyense wopita kutchalitchi amachidziwa. Mlaliki akabwera ndi womasulira, ulaliki wa theka la ola umatha ola lathunthu, poti womasulira sangamvetsere ndi kulankhula nthawi imodzi. Ekisitenda zotchipa zimagwiritsa ntchito wayilesi imodzi pomvera rauta ndi polankhula ndi foni, choncho liwiro limene lafika pamalopo limadulidwa pafupifupi pakati.

Mukuganiza ndinaphunzirapo? Ndinakagula yachiwiri, kuti izimvera yoyambayo. Womasulira womasulira womasulira mnzake. Kwa amayi kunkafika 2 kapena 3 Mbps, ndipo ana akatsegula makanema kuchipinda kwawo basi zathera pomwepo.

Panalinso nkhani ya mayina. Ekisitenda iliyonse inabwera ndi dzina lake lothera ndi _EXT, moti pafoni pankaoneka mawayifayi atatu a nyumba imodzi. Foni ili ndi khalidwe lokakamira: ikagwira rauta ya pabalaza imaumirira pomwepo ngakhale mwafika kuchipinda, mpaka kamzere komaliza katazima. Inu mukamuuze mayi wa zaka zopitirira 70 kuti akadutsa pa firiji azisintha dzina la wayifayi. Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati sukulu yanga yonse ija inathera pamenepa.

Ndipo pano ndilankhule za makatoni. Pa katoni amajambula nyumba yonse itawala, ndi nambala yaikulu ya malo amene chipangizocho chimafika. Nambala zimenezo zimayenerera nyumba za kunja zimene makoma ake am'kati ndi timabolodi topyapyala. Khoma la njerwa ndi simenti limadya wayifayi koopsa, makamaka wa 5 GHz amene ndiye wothamanga. Wa 2.4 GHz amabowola bwinoko koma ndi wochedwerapo. Firiji, galasi lalikulu la pa wadirobu ndi chitseko chachitsulo nazonso zimatchinga. Mnyamata wa pashopu sindikumuda, nyumba yanu sanaione, ndipo amagulitsa chimene chili pashelefu. Koma ine ndafika potsimikiza kuti m'nyumba yaitali ya njerwa, ekisitenda ndi kutaya ndalama. Imathandiza chipinda chimodzi chimene chatsala pang'ono kufikiridwa, basi.

Za magetsi musandiyambitse. Rauta yathu ili pa batire, moti magetsi akathima imayakabe, koma ekisitenda zija zimabayidwa pakhoma mwachindunji ndipo zinkathima limodzi ndi mababu.

Nanga meshi?

Meshi ndi timabokosi tiwiri kapena titatu topangidwa kuti tizigwira ntchito ngati gulu limodzi. Dzina la wayifayi ndi limodzi nyumba yonse, ndipo timabokosito timathandiza foni kusamukira ku kamene kali pafupi mukamayenda. Vuto la mayina linathera pomwepo. Koma sindikunamizani, tsiku loyamba ndinakhumudwanso. Timabokosi timeneti timafunikanso kulankhulana tokhatokha, ndipo meshi yotchipa imachita zimenezi pa wayilesi yomweyo imene mafoni akugwiritsa ntchito, ndiye womasulira uja wabweranso, wangovala suti. Zodula zimakhala ndi wayilesi yachitatu yoti tizilankhulirana patokha, koma kawirikawiri imakhala ya 5 GHz, yomwe ija yoopa njerwa.

Chimene chinathetsa nkhani ndi chingwe. Ndinagula mamita 35 a chingwe cha netiweki cholembedwa Cat6, mlamu wanga anakwera m'siling'i, tinachidutsa pamwamba pa makoma onse anayi n'kuchitsitsira m'kolido pafupi ndi khomo la amayi. Mbali imodzi m'kabokosi ka pabalaza, mbali ina m'kabokosi kachiwiri. Ndinayeza nditakhala pabedi pa amayi: 19 Mbps. Chingwe choterechi chimanyamula bwinobwino mpaka mamita 100, ndipo khoma sichilidziwa. Mlamu anatsika ali mbuu ndi fumbi, ndipo nkhuku imene anadya tsikulo amaitchulabe kuti inachepa.

Musanagule kanthu, imani pafupi ndi rauta muyeze liwiro. Ngati pamenepo mukupeza 3 Mbps, vuto ndi netiweki imene ikulowa m'nyumba, ndipo meshi singawonjezere ngakhale pang'ono. Yambani mwasuntha rauta kupita pawindo lina. Ngati pali bwino, tengani meshi ya timabokosi titatu tokhala ndi mabowo a chingwe kumbuyo, tonse tilumikizidwe ndi Cat6. Koyamba kalowe pabowo la LAN la rauta yanu, mukasankhire Access Point pa makonzedwe ake, ndipo wayifayi wa rauta yakaleyo mumuzimitse kuti asamalimbane. Pamene chingwe chakanika kufika, ikani kabokosi pamalo pamene pulogalamu yoyezera wayifayi ikuonetsa -65 dBm kapena nambala yoyandikirapo ku ziro ngati -55, osati m'chipinda chofa. Onaninso pa adaputala: zambiri ndi za 12V ndipo zimatheka kuika pa kabatire. Kachitatu kapite kuboyizikota, chingwe chake chidutse pansi m'paipi, osati kulendewera m'malere, chifukwa mphezi za Disembala zikhoza kukuotcherani zonse tsiku limodzi.

Ngati ndalama zavuta, chingwe chomwecho ndi rauta ina yakale yoikidwa pa Access Point, dzina ndi pasiwedi zofanana ndi za pabalaza, zimagwira ntchito kuposa ekisitenda zanga ziwiri kuphatikiza. Kungoti foni izichedwako pang'ono kusamuka mukamachoka pabalaza.