Ziganizo za if zosakaniza dzulo ndi lero: yang'anani nthawi ya theka lililonse payokha

"Aphunzitsi, ndikulemba mawekishiti a makondishino ndipo yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu ndimakhoza bwinobwino, koma ndafika pa zosakaniza zija ndangoti kakasi. Funso lina linali If she had taken the medicine last night, she ___ better now, ine ndinalemba would have felt koma ansala akuti would feel. Si paja if + had imayenda ndi would have? Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha imelo yanu, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti lamulo limene munaloweza lija silolakwika ayi, kungoti limagwira ntchito pamene mbali zonse ziwiri za chiganizo zikukamba za kale. Apa ndiye pamene pagona nkhani. Chiganizo cha if chili ndi matheka awiri, ndipo theka lililonse lili ndi nthawi yakeyake, sikuti loyamba likakhala la dzulo ndiye kuti lachiwiri likakamizidwe kukhalanso la dzulo.

Mu Chichewa timachita zimenezi daile osaganizira n'komwe. Tamvani izi: "Akanamwa mankhwala usiku uja, akanagona bwino." Kumwa ndi kwa usiku wathawu, kugonanso ndi kwa usiku womwewo, zonse zinadutsa. Tsopano tamvani iyi: "Akanamwa mankhwala usiku uja, bwenzi pano akupezako bwino." Kumwa kukadali kwa usiku uja, koma kupeza bwinoko ndi kwa panopa, munthuyo wagona apo akubuula tikumuona. Mwaona mmene pakamwa panu pasinthira pokha kuchoka pa "akana-" kupita pa "bwenzi pano aku-"? Chingerezi chimachitanso chimodzimodzi, chimangosintha theka lachiwirilo:

```
If + had + past participle, would + verb
```

Ndiye chiganizo choyamba chija ndi If she had taken the medicine last night, she would have slept well, pamene chanucho ndi If she had taken the medicine last night, she would feel better now. Theka la if silinasinthe olo pang'ono. Chimene chasintha ndi funso loti zotsatirazo zikuchitika liti. Would be feeling ikanakhozanso pamenepo, musadabwe mukaipeza pa ansala.

Ine ophunzira anga ndimawauza kuti asanalembe chilichonse pa mpata uja ayambe afunsa kuti zoona zake n'zotani, chifukwa ziganizo zimenezi zimanena zotsutsana ndi zenizeni. Tiyeni tichitire limodzi mtundu wa funso limene limavuta kwambiri pa mawekishiti, lija amakupatsani ziganizo ziwiri kuti muzilumikize ndi if. Tinene kuti akupatsani I missed the morning bus. I am still in Lilongwe. Choyamba onani maverebu. Missed ndi ya kale, am ndi ya tsopano, basi mwadziwiratu kuti ichi n'chosakaniza musanayambe n'komwe. Kenako tembenuzani theka lililonse: basi inandisiya, ndiye mu if muja ikhala yoti sinandisiye, If I hadn't missed the morning bus. Ndikadali ku Lilongwe, ndiye zotsatira zikhala zoti sindili kumeneko, I wouldn't still be in Lilongwe. Anthu ambiri tensi amaikhoza koma amaiwala kutembenuzako, amalemba If I had missed, ndiye galamala ili bwino koma tanthauzo lapita kwina, ndipo malikisi apita.

Tsono chenjezo, chifukwa ndikudziwa kuti ena akuuzani kuti mungosaka mawu ngati now, today, still ndipo mukawapeza mulembe would yopanda have. Nthawi zambiri zimathekadi, koma njira imeneyi imagwetsa anthu pa mawu awiri. Oyamba ndi by now. If I had caught that bus, I would have arrived in Mzuzu by now. Muli now momwemo koma ansala ili ndi have, chifukwa kufika ndi chinthu chochitika kamodzi n'kutha, bwenzi chitachitika kale nthawi ino isanakwane. Chichewa chimasiyanitsanso bwino kwambiri apa: "bwenzi pano nditafika ku Mzuzu" ndi would have arrived, pamene "bwenzi pano ndili ku Mzuzu" ndi I would be in Mzuzu now. Achiwiri ndi today, poti lero ndi lalitali, pofika madzulo za m'mawa zasanduka kale zakale. If you had told me, I would have come today ndi chiganizo cholondola ngati mwayi wobwerawo wadutsa. Choncho mawu a nthawi akuthandizeni kukayikira chabe, koma chigamulo chichokere pa funso loti kodi chinthuchi chikanachitika n'kutha, kapena bwenzi chili choncho panopa.

N'chifukwa chake mukaonetsetsa mupeza kuti maverebu amene amakonda kubwera ku theka lachiwiri ndi aja onena mmene zinthu zilili, monga be, have, know, live, feel. Verebu ikakhala ya ntchito yoti ikuchitika panopa imafuna -ing: If he had finished the course, he would be working now, "bwenzi pano akugwira ntchito". Mukalemba he would work now sizimveka bwino m'khutu.

Pali kulakwitsa kwina kumene ndimakuona pafupifupi pa pepala lililonse ndipo gwero lake ndikuona kuti ndi chilankhulo chathu chomwechi. Ife timati "ndikanadziwa, ndikanabwera", -kana- uku ndi uku, ndiye dzanja limafuna kuyikanso would mbali zonse ziwiri, If I would have known. Pocheza mudzamva anthu ena, makamaka a ku America, akuyankhula choncho, koma pa wekishiti ndi pa mayeso achonga kuti mwalakwa. Would isalowe mu theka la if. Samalaninso ndi kachidule kaja 'd, mu If I'd saved, I'd have a car now, koyambako ndi had, kachiwiriko ndi would, ndipo have ameneyo ndi wa kukhala ndi galimoto, osati wothandizira verebu ina, onani kuti pambuyo pake pabwera dzina osati verebu. Ambiri amaona I'd have n'kuthamangira kunena kuti ndi kondishino yachitatu.

Poti mwafika pa mawekishiti apamwamba mukumananso ndi zopanda if, Had she taken the medicine, she would feel better now, tanthauzo ndi lomwelo kungoti ndi chilankhulo cha m'makalata. Yokana yake ndi Had she not taken, osati Hadn't she taken. Could ndi might zimalowanso pamalo pa would, might ngati zotsatirazo simukuzitsimikiza.

Nanga funso likabwera lopanda mawu a nthawi alionse, monga If he had studied law, he ___ a lawyer? Kunena zoona would be ndi would have been zonse zikhoza kukhoza, yoyamba ikukamba za munthu amene alipo ndipo lero si loya, yachiwiri ikuyang'ana m'mbuyo, mwina munthuyo anapuma ntchito kapena anatisiya. Funso lotero ndimaliona ngati losalembedwa bwino, ndiye ngati mutu wa wekishitiyo ndi zosakaniza lembani would be, ndipo ngati pali chiganizo china pafupi chiwerengeni kaye chifukwa nthawi zambiri nthawi ija amaibisa mmenemo.