Pepala la ECG la bambo anu: zimene mizere ndi mipata yake ikunena

"Bambo anga ali ndi zaka 68 ndipo amamwa mankhwala othandiza kuti magazi asamathamange kwambiri. Kuchipatala anawapima mtima ndi makina a ECG, n'kutipatsa pepala lapinki lokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika. Pamwamba pake palembedwa `HR 75`, `PR 240 ms`, `QRS 88 ms`, `QT/QTc 380/425 ms`, ndiponso mawu akuti `1st degree AV block`. Adokotala anangoti tisade nkhawa, koma ine mtima sukukhala m'malo. Kodi mizere imeneyi imawerengedwa bwanji?"

Mayi, yalani pepalalo patebulo pamalo owala, ndipo musanayang'ane mizere yakudayo, yang'anani kaye timabokosi tapinki timene tili kumbuyo kwake, chifukwa timeneto ndi timene timapima nthawi, ndipo zambiri zimene ECG imanena zimachokera pa nthawi. Makinawo amalemba zimene zikuchitika mumtima pa liwiro la mamilimita 25 pa sekondi iliyonse. Kabokosi kakang'ono kamodzi ndi milimita imodzi, choncho kuyenda kabokosi kamodzi chopingasa n'chimodzimodzi masekondi 0.04, kapena kuti mamilisekondi 40. Timabokosi tisanu timapanga bokosi lalikulu lozunguliridwa ndi mzere wonenepa, lomwe ndi masekondi 0.2, ndipo mabokosi aakulu asanu amakwana sekondi imodzi. Pansi pa pepalalo muyenera kuona palembedwa `25 mm/s` ndi `10 mm/mV`. Nambala yachiwiriyo ikunena za msinkhu wa mizere, kuti mamilimita 10 chokwera akuimira milivoti imodzi ya mphamvu ya magetsi. Nthawi zina makina amaikidwa pa `50 mm/s`, ndipo zikatero chilichonse chimatambasuka kawiri, moti munthu amene sanawerenge pansipo angaganize kuti mtima ukugunda pang'onopang'ono pomwe uli bwinobwino.

Chimene makinawa amajambula ndi mphamvu ya magetsi imene imauza minofu ya mtima kuti ifinyike, osati magazi enieniwo. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zimene zimalandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zimene zimawapopa kupita kumapapo ndi kuthupi lonse. Kugunda kulikonse kumayambira pa kagulu ka maselo kamene kali m'chipinda cham'mwamba chakumanja, ndipo mphamvuyo ikamafalikira m'zipinda ziwiri zam'mwambazo, pepala limalemba kachitunda kakang'ono kobulungira kotchedwa P. Kenako mzere umagona kwa kanthawi. Pambuyo pake pamabwera nsonga yaitali yosongoka yotchedwa QRS, yomwe ndi mphamvu ija ikudutsa m'zipinda zam'munsi. Imatalika kuposa P chifukwa minofu ya m'munsimo ndi yochindikala. Pomaliza pamabwera chitunda chotambalala chotchedwa T, chosonyeza kuti zipinda zam'munsizo zikubwezeretsa mphamvu yake pokonzekera kugunda kotsatira. Zilembo zimenezi anazisankha ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1924 chifukwa cha ntchito yake pa makina amenewa.

Papepalapo pali tizigawo 12 tokhala ndi mayina monga I, II, III, aVR, aVL, aVF ndi V1 mpaka V6. Tonseto tikuonetsa mtima womwewo kuchokera kumbali zosiyanasiyana, n'chifukwa chake mu aVR zitunda zimaloza pansi ndipo zimenezo si matenda. Inu siyani kaye tizigawo timeneti ndipo pitani pa mzere wautali umene wadutsa pansi pa pepala lonse, womwe kawirikawiri umakhala wa II ndipo umatenga masekondi 10. Umenewo ndi umene umaonetsa P momveka bwino.

Yambani ndi mpata wa pakati pa nsonga imodzi yaitali ndi inzake. Werengani mabokosi aakulu amene ali pakatipo, ndipo mugawe 300 ndi nambala imeneyo, popeza mphindi imodzi ili ndi mabokosi aakulu 300. Kwa bambo anu muyenera kupeza mabokosi anayi, ndipo 300 kugawa ndi 4 ndi 75, yomwe ndi `HR 75` ija. Munthu wamkulu amene wakhala phee mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, choncho apa palibe chodandaulitsa. Koma musakhutire ndi mpata umodzi. Tengani kapepala koyera, kaikeni m'munsi mwa nsongazo, lembani tizizindikiro pa nsonga zitatu zotsatizana, kenako kasunthireni kutsogolo n'kuona ngati tizizindikiroto tikugwerabe pa nsonga zina. Tikamagwerapo, mtima ukugunda mwadongosolo. Kusiyana pang'ono kotsatira kapumidwe, mipata kufupika munthu akamakoka mpweya ndi kutalika akamautulutsa, n'kwachibadwa, makamaka kwa achinyamata. Chimene chimafuna chidwi ndi mipata yosiyanasiyana popanda dongosolo lililonse, pomwenso P sakuoneka ndipo m'malo mwake mzere ukungonjenjemera. Zimenezo nthawi zambiri zimatanthauza kuti zipinda zam'mwamba zikungophiriphitha m'malo mofinyika, vuto limene limapezeka mwa okalamba komanso mwa anthu amene zitseko za mtima wawo zinawonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi ali ana, ndipo lingachititse kuti magazi aundane n'kubweretsa sitiroko. Mipata ikakhala yosalingana chonchi, njira ya 300 siigwira ntchito, ndipo mumawerenga nsonga zonse za pa mzere wa masekondi 10 uja n'kuchulukitsa ndi 6.

Tsopano tifike pa nambala imene yachititsa makina kulemba mawu okuopsaniwo. Pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi pali njira imodzi yokha imene mphamvu ya magetsi ingadutse, ndipo pakhomo pa njirayo pali kagulu kena ka maselo kamene kamagwira ntchito ngati mlonda wa pachipata, kuimitsa mphamvuyo pang'ono kuti zipinda zam'mwamba zimalize kukhuthulira magazi m'munsi zam'munsizo zisanafinyike. Mpata wa PR umapima ulendo wonsewo pamodzi ndi kudikirako. Mumayambira pomwe kachitunda ka P kayamba kukwera, osati pamwamba pake, n'kukalekezera pomwe QRS yayamba. Mpatawu uyenera kukhala timabokosi ting'onoting'ono titatu mpaka tisanu, kutanthauza mamilisekondi 120 mpaka 200, kapena kunena mosavuta, usapitirire bokosi limodzi lalikulu. Wa bambo anu ndi 240, ndipo mukagawa ndi 40 mupeza timabokosi 6, kamodzi kokha kupitirira malire. Mawu akuti `1st degree AV block` akungonena zimenezi basi, kuti mphamvu ikuchedwa pachipata paja, koma kugunda kulikonse kukudutsabe.

Mutha kutsimikiza nokha mbali yomalizayo, ndipo ndikukulimbikitsani kutero, chifukwa ndi pamene pamasiyanira chinthu chaching'ono ndi chachikulu. Tsatirani mzere wautali uja kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ndipo pa P aliyense muone ngati akutsatiridwa ndi QRS yake, komanso ngati mpatawo ukukhala timabokosi 6 nthawi zonse. Ngati zili choncho, adokotala ananena zoona. Kuchedwa kotereku n'kofala mwa anthu okalamba ndi mwa othamanga masewera, ndipo pakokha sikufuna mankhwala. Zikanakhala zina mukanaona mpata wa PR ukutalikira pa kugunda kulikonse mpaka P wina n'kutsala yekha popanda QRS, kapena P akutsala yekha mwadzidzidzi mpata usanasinthe n'komwe, kapenanso ma P ndi ma QRS akuyenda chilichonse pa liwiro lake osadalirana, mtima ukugunda ka 40 kapena kucheperapo pa mphindi. Ziwiri zomalizazi ndi zofunika kuonedwa mwachangu, ndipo nthawi zina zimafuna kachipangizo koikidwa pansi pa khungu kothandiza mtima kugunda.

Yang'ananinso dzina la mankhwala amene bambo akumwa. Atenololo amachedwetsa mphamvu pachipata chomwechi, chimodzimodzinso digokisini amene ena amapatsidwa pa vuto la mtima, pomwe amulodipini, yemwenso ndi wa kuthamanga kwa magazi ngati atenololo, sachita zimenezi kwenikweni. Ngati ali pa atenololo, n'kutheka kuti ndiye akutalikitsa mpatawo, ndipo ndi bwino kuwafunsa adokotala ngati anaziganizira. Chonde musawasiyitse nokha, popeza kusiya atenololo mwadzidzidzi kungachititse mtima kuthamanga ndiponso kupweteka pachifuwa.

Kufupika kwa QRS ndi nkhani inanso yabwino. Iyenera kukhala yosakwana timabokosi titatu, kutanthauza pansi pa mamilisekondi 120, ndipo 88 ndi timabokosi tiwiri ndi pang'ono. Zimenezi zikusonyeza kuti mphamvu ikangodutsa pachipata, ikuyenda mwaliwiro m'njira zake zoyenera ndipo zipinda zam'munsi zikufinyika pamodzi. PR wautali akakhala pamodzi ndi QRS yotambalala, ine ndimakhala tcheru kwambiri, chifukwa zingatanthauze kuti vuto lili m'munsi mwa chipatacho, m'njira zenizenizo.

Mpata wa QT umayambira pomwe QRS yayamba mpaka pomwe T wathera, ndipo umafupika mtima ukamathamanga, n'chifukwa chake makina amaukonza kuti ufanane ndi wa mtima wogunda ka 60 pa mphindi, ndipo nambala yokonzedwayo ndi imene imatchedwa QTc. Njira yofala ndi iyi, RR akhale mpata wa pakati pa nsonga ziwiri m'masekondi, womwe kwa bambo anu ndi mabokosi aakulu anayi aja, kapena kuti masekondi 0.8:

```
QTc = QT / √RR
380 / √0.8 = 425
```

Kwa amuna malire amaikidwa cha pa 440 kapena 450, choncho 425 ili bwino. Nambalayi imakhala yofunika kwambiri munthu akamamwa mankhwala otalikitsa mpata wa QT, monga kwinini kapena bedakwilini wa chifuwa chachikulu chosamva mankhwala wamba, ndipo ikadutsa 500 chiopsezo cha kugunda koopsa chimakula.

Pali gawo limodzi limene sindikufuna kuti muliweruze nokha, lomwe ndi kamzere ka pakati pa mapeto a QRS ndi chiyambi cha T, kotchedwa ST. Kayenera kugona pa msinkhu wofanana ndi mzere wa P asanayambe. Kakakwera kapena kutsika m'tizigawo toyandikana kangasonyeze kuti mbali ina ya mtima ikusowa magazi, koma kamakweranso pang'ono mwa anyamata ambiri athanzi, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kuona tizigawo tonse 12 pamodzi ndi mmene munthuyo akumvera. Mawu amene makina amalemba pamwamba nawonso amaphonya, makamaka wodwala akamanjenjemera, timapepala tomata pakhungu tikamasuka, kapena nthambo za mkono wamanja ndi wamanzere zikasinthanitsidwa, zomwe zimaoneka ndi P ndi QRS zoloza pansi m'chigawo cha I.

Pepalali lajambula masekondi 10 okha a bambo anu atagona phee, ndipo vuto limene limabwera n'kupita lingathe kusapezekapo. Choncho ngati atayamba kuchita chizungulire, kukomoka, kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kapena mukawagwira pamkono n'kupeza kuti mtima ukugunda pansi pa 50 pa mphindi iwo akumva kufooka, apititseni kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale pepala lakalelo linali labwino. Mizere ya pamapepala a makinawa imafufutika ndi kutentha ndi dzuwa, ndiye lijambuleni ndi foni kapena mulipangitse fotokope, mulembepo tsiku, ndipo mulisunge m'buku lawo la kuchipatala kuti akadzapimidwanso adokotala adzayerekeze PR watsopano ndi 240 wa lero.