Kalata ya intenishipu yabwera, nanga viza imafuna mapepala ati?

"Zikomo achimwene. Ine ndine mtsikana wa ku Ngabu, ndamaliza digiri ya zaulimi wothirira chaka chathachi. Kampani ina ya ku UK yandilembera kuti ndikaphunzire ntchito kwa miyezi 9 kuyambira pa 1 Sepitembala. Pasipoti ndili nayo. Anthu akundiuza zosiyanasiyana, ena akuti kalata ya kupolisi, ena akuti sitetimenti ya malume anga ikwanira. Kodi ndisonkhanitse mapepala ati, ndipo ndiyambire pati?"

Achemwali, kalata yomwe muli nayoyo ndi yabwino, koma payokha siingakutulutsireni viza. Musanalipire khobidi lililonse kwina kulikonse, alembereni a kampaniwo ndi kuwafunsa funso limodzi: kodi sponsa wanga ndi ndani?

Chifukwa chake ndi ichi. UK salola munthu kuchita intenishipu pa viza ya mlendo, ngakhale ikhale yosalipidwa. Njira imene ophunzira ntchito ambiri amadutsira mukaifufuza pa gov.uk mudzaipeza ndi dzina loti Government Authorised Exchange, ndipo kwa wophunzira ntchito nthawi yake siipitirira miyezi 12. Pa njira imeneyi, kawirikawiri kampani imene mukagwireko si imene imakuimirani kuboma. Pamakhala bungwe lina lapakati, lomwe ndiye sponsa wanuyo, lovomerezedwa ndi boma la UK, limene limaona ngati malo anuwo alidi ophunzirira ntchito osati kutseka mpata wa wantchito weniweni. Bungwe limenelo likakhutira limatulutsa Certificate of Sponsorship. Dzinali limapusitsa anthu. Si satifiketi yoti muikulunge mu pulasitiki, ndi nambala chabe ya pakompyuta imene mumailemba pa fomu ya viza, ndipo kuseri kwa nambalayo kuli dzina lanu, ntchito yanu, malipiro ndi masiku anu. Ngati a kampani sakudziwa za nambala imeneyi, kapena akuti "bwerani kaye ngati mlendo tidzakonza kuno", imani pomwepo. Ndipo wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti akugulitseni nambalayo, ameneyo ndi wakuba basi.

Tsono mapepala enieni ndi ochepa kuposa momwe anthu akukuopsezerani: pasipoti, nambala ija, umboni wa ndalama, ndi satifiketi yosonyeza kuti mulibe chifuwa chachikulu. Chovuta si kuchuluka kwake. Chovuta ndi chakuti pepala lililonse lili ndi masiku ake amoyo, ndipo onse ayenera kukhala amoyo tsiku limodzi, tsiku lomwe mukutumiza fomu. Zili ngati kuthirira chimanga cha kudimba: madzi alipo, mbewu ilipo, koma mukaphonya nthawi mwalakwitsa zonse.

Tiyeni tikhale kaye pa ndalama, chifukwa apa ndi pomwe anthu a kwathu kuno amagwera.

Lamulo limafuna kuti muonetse £1,270 yomwe yakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, ndipo tsiku lomaliza la masiku 28 amenewo lisatalikirane ndi tsiku lotumiza fomu kupitirira masiku 31. Mawu oti "otsatizana" muwamvetse bwino. Ndalama ikatsika pansi pa mlingowo ngakhale tsiku limodzi, kuwerenga kumayambiranso. Ndinaona mnyamata wina wa ku Bangula atasunga bwinobwino masabata atatu, kenako kunagwa maliro kumudzi, anatapako pang'ono ya bokosi nabweza patapita masiku awiri. Kwa ife zimenezo ndi umunthu. Kwa ofesala wa viza, yemwe amangotsetsereka ndi chala pa mzere wa ndalama yotsala tsiku ndi tsiku, ndi mzere umodzi wotsika, ndipo fomu yakanidwa.

Za malume anuwo, pepani, yankho ndi ayi. Pa viza ya mtundu uwu ndalama iyenera kukhala mu akaunti ya dzina lanu, kapena ya mwamuna wanu ngati muli pabanja ndipo nayenso akufunsira viza limodzi nanu kapena ali kale ndi chilolezo chokhala ku UK. Anthu amasokoneza ndi viza ya sukulu, komwe akaunti ya kholo imaloledwa. Malume atha kukuthandizani, inde, koma akupatseni ndalamayo ilowe mu akaunti yanu nthawi idakalipo, masiku 28 ayambe kuwerengedwa ili kwa inu. Kope la banki mkhonde, ngakhale mlembi wake akhale wokhulupirika chotani, siligwira ntchito. Ng'ombe zili m'khola ku Ngabu nazonso si umboni, ngakhale mtengo wake upose £1,270 kangapo. Akufuna sitetimenti ya banki yoti atha kuitsimikizira.

Palinso nkhani ya kwacha. Iwo amasintha ndalama yanu kukhala mapaundi potengera mtengo wa pa webusaiti yosinthira ndalama ya OANDA wa tsiku lomwe mwatumiza fomu, osati tsiku lomwe munaika ndalamayo. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Munthu yemwe anasunga ndalama yongokwanira ndendende anadzuka ili yopelewera osatapapo n'kamodzi komwe. Ndiye ikani yochulukirapo ndithu.

Koma musanavutitse malume, funsani bungwe lokuimirani lija ngati lingalembe pa Certificate of Sponsorship kuti lidzakusamalirani mwezi woyamba. Likalemba zimenezo, sitetimenti siifunikanso. Si onse amavomera, koma kufunsa n'kwaulere, ndipo ambiri safunsa chifukwa sadziwa kuti khomo limeneli lilipo.

Za chifuwa chachikulu n'zachidule. Popeza mukukhala ku Malawi ndipo mukakhala ku UK kupitirira miyezi 6, muyenera kujambulidwa m'chifuwa. Kalata ya ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ngakhale ikhale ndi chidindo chooneka bwino, sailandira. Amalandira ya chipatala chokhacho chimene chalembedwa pa gov.uk. Satifiketi yake imakhala miyezi 6. Chithunzi chikaonetsa kachithunzithunzi kokayikitsa amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zitha kutenga mpaka masabata 8. Ichi ndi chifukwa chake sindifuna muchisiye kumapeto.

Tsopano tiike masiku anu pa kalendala. Mukuyamba pa 1 Sepitembala. Fomu simungatumize kutatsala miyezi yoposa itatu kuti tsikulo lifike, ndiye khomo likutseguka pa 1 Juni. Tinene kuti ndalama yalowa mu akaunti yanu pa 5 Meyi. Masiku 28 akwana pa 1 Juni. Pakati pa Meyi pomwepo pitani kukajambulitsa m'chifuwa. Satifiketiyo ikhala yamoyo mpaka Novembala, ndipo ngati atafuna makhololo mukhalabe ndi mpata. Nambala ya sponsa tinene kuti yatuluka pa 10 Juni. Nayonso imafa ikatha miyezi itatu isanagwiritsidwe ntchito, koma inu simudikira mpaka pamenepo. Mukatenga sitetimenti yothera pa 15 Juni n'kutumiza fomu pa 20 Juni, zonse zili zamoyo. Koma mukatenga sitetimenti yothera pa 1 Juni, sponsa n'kuchedwa, inu n'kutumiza pa 10 Julayi, sitetimentiyo yadutsa masiku 31 ndipo yafa. Mankhwala ake ndi osavuta: ndalamayo musaikhudze mpaka viza ituluke, ndipo sitetimenti mukatenge komalizira, nambala ili kale m'manja.

Mukatumiza fomu mumalipira ya viza, komanso ya zaumoyo popeza mukupitirira miyezi 6, ndipo zonsezi ndi pa intaneti. Funsani kubanki kwanu msanga ngati khadi yanu ikuloledwa kulipira kunja ndalama yochuluka choncho, poti ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno malire a makhadi amakhala otsika. Kenako mumapita ku Lilongwe kukadinda zala ndi kujambulidwa nkhope. Yankho limatenga pafupifupi masabata atatu kuchokera pamenepo. Kuchoka ku Ngabu kukwera zitunda za ku Thabwa, kugona ku Blantyre, m'mawa kulawirira basi ya ku Lilongwe, ndi ulendo wodya ndalama, ndiye musapite kawiri chifukwa cha pepala loiwalika.

Kalata ya kupolisi imene akukuuzaniyo, pa fomu ya viza iyi nthawi zambiri siifunika, pokhapokha sponsa kapena kampani ataifuna pa zifukwa zawo. Amene akukuuzaniwo mwina anadutsira ku South Africa, komwe ma viza okhalitsa amafunadi kalata ya kupolisi ndi ya dokotala. Ena anapita ku Ulaya pa viza ya Schengen ya masiku 90, komwe amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yofika €30,000 ndi pasipoti yotsala ndi miyezi itatu kupitirira tsiku lobwerera. Aliyense akunena zoona za dziko lomwe anapita. Vuto ndi kutenga mndandanda wa dziko lina n'kupita nawo ku dziko lina.

Chinthu china chomwe palibe mndandanda umachilemba, koma ine ndimachiika patsogolo: yalani mapepala anu onse pamphasa usiku uno, pasipoti, chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, digiri, ndi khadi la kubanki, muwerenge dzina ndi tsiku lobadwa chilembo ndi chilembo. Kuno kuchigwa ambiri tinalembetsa sukulu ndi dzina la agogo kapena la malume amene ankatilera, kenako pa chiphaso tinalemba la bambo. Ena "l" pa pepala ili ndi "r" pa pepala linalo. Mwana wa mlongo wanga zinamuchitikira: kampani inatumiza kwa sponsa dzina la pa digiri, pomwe pa pasipoti panali dzina lachitatu ndi chaka chobadwa chosiyana ndi chimodzi. Tinaziona nambala itatuluka kale, ndipo kukonza kwake kunadya masabata omwe tinalibe. Inuyo tumizani kwa sponsa chithunzi cha tsamba la pasipoti lokhala ndi nkhope yanu, muwauze kuti akopere dzina kuchokera pamenepo osati pa kalata zanu za pa imelo. Ngati digiri ndi pasipoti zikusiyana, pitani kwa loya kapena kwa majisitireti mukalumbire kalata yonena kuti mayina awiriwo ndi munthu mmodzi, sponsa aione asanalembe kanthu.

Sponsa mwina adzafuna digiri ndi ndandanda wa magiredi anu kuti atsimikize kuti ntchitoyo ikugwirizana ndi zomwe munaphunzira. Zathu zimakhala kale m'Chingerezi, ndiye za kumasulira sizikukukhudzani. Koma ngati satifiketi ina inapita ndi madzi a Freddy mu Malichi 2023, monga zinachitikira mabanja ambiri m'mbali mwa Shire ndi Ruo, yambani lero kupempha umboni wina ku koleji kwanu kapena ku MANEB, chifukwa zimenezo sizituluka sabata imodzi.

Ndipo malisiti a kubanki aja a pepala loterera, ajambuleni pa foni tsiku lomwelo. Ndi dzuwa la ku Ngabu, mukawasiya m'chikwama masabata awiri mudzapeza pepala loyera mbee.