Kagalu kakuthawa khola lake: poyambira ndi pa mbale ya chakudya

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi kagalu ka miyezi itatu ndipo ndinakapangitsira khola lawaya loika m'nyumba. Kakakodza pabalaza kapena kutafuna nsapato ndimakatsekeramo kuti kaphunzire. Pano kakangoona kholalo kamathawira kunsi kwa mpando, usiku ndiye sitigona ndi kulira. Nditani?"

Achemwali, kagaluko kaphunziradi, koma zomwe kaphunzira ndi zoti kholalo ndi kumene kamaponyedwa inu mukakwiya. Galu salumikiza chilango ndi zomwe anachita mphindi khumi zapitazo. Iye amangoona nkhope yanu yakwinyika, mwamunyamula mwaukali, chitseko kwapu. Ndiye kuyambira lero musadzakalowetsemonso muli wokwiya, ngakhale katafune nsapato ya kutchalitchi.

Yambani ndi kulisuntha kholalo, muliike pena pomwe anthu amakhala, pamthunzi podutsa mphepo. Chitseko muchimange ndi chingwe chili chotsegula kuti chisamenyetseke n'kukadzidzimutsa. Yalanimo kabulangete kakale. Kenako chakudya chonse chizidyedwera pamenepo. Tsiku loyamba mbale ikhale panja, pamene kagaluko kakulolera kufika popanda mantha, ngakhale patakhala patali mapazi asanu. Chakudya chotsatira isendezeni pang'ono, kenako pakhomo, kenako mkati, mpaka ifike kumapeto kwenikweni kuti kazilowa thupi lonse. Musakakankhe. Kakaima n'kumasuzumira khosi lili tambalala, miyendo yakumbuyo yatsalira panja, ndiye kuti mwafulumira. Bwezerani mbale pomwe inali dzulo.

Wanga ndinamulakwira chimodzimodzi ali wamng'ono, ndipo zinanditengera masiku asanu ndi atatu asanalowe yekha. Chomwe chinathandiza ndi usipa. Ndinkaponyamo awiri kapena atatu iye asakuona, kenako n'kupita kukachita zanga. Amati akamadutsa fungo lija limamukoka, n'kulowa, n'kutola, n'kutuluka popanda womutsekera. Tsiku lina masana ndinangomupeza wadzipinda mkatimo akuliza mkonono.

Chitseko muyambe kutseka pokhapokha kakamalowa kokha mosanyinyirika. Tsekani kakudya, tsegulani kasanamalize. Mawa lake dikirani mphindi imodzi katamaliza, kenako zisanu, kenako khumi, inu mutakhala pompo. Zikatheka zimenezo muzichoka m'chipindamo pang'ono n'kubwerera. Potsegula musachite chikondwerero, ingotsegulani mwakachetechete, ndipo muziyesetsa kutsegula pamene kali chete, kuti kasaganize kuti kulira ndiye kiyi.

Za usikuzo, mwina sikakulira chifukwa cha mwano ayi. Kagalu ka miyezi itatu kamatha kusunga mkodzo maola atatu kapena anayi basi. Katulutseni musanagone, ndipo muvomereze kudzuka kamodzi pakati pa usiku kwa milungu ingapo. Kakalira kanyamuleni, kakakodze panja, osasewera nako, osakayankhulitsa, n'kukabwezera. Masiku oyamba ikani kholalo pafupi ndi bedi lanu kuti kazimva fungo lanu. Paja kachoka kumene kwa mayi ake ndi anzake, sikanagonepo kokha.

Koma kulira kulipo kuwiri. Kudandaula pang'ono kenako n'kugona, zimenezo n'zabwinobwino. Mukaona dovu lili chuchuchu, kakupuma mwawefuwefu, kakuluma mawaya kapena kukanda mpaka zikhadabo kutuluka magazi, amenewo ndi mantha enieni. Tsegulani, mubwerere ku sitepe ya chitseko chotsegula, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi dokotala wa ziweto. Kukasiya kuti "katope kokha" kumangowonjezera manthawo.

Onaninso kukula kwa kholalo. Kazitha kuimirira osawerama, kutembenuka, ndi kugona chammbali miyendo itatambasuka. Likakula kwambiri kamagona mbali ina n'kusandutsa mbali inayo chimbudzi, choncho ngati munapangitsa la galu wamkulu, tchingani pakati ndi thabwa, muzilisuntha kakamakula. Popeza ndi lowotcherera, yendetsani dzanja mkati monse kufufuza nsonga za waya. Lamba wa m'khosi muzikavula kakamalowa chifukwa amatha kukodwa pa waya n'kukapotola khosi. Ndipo ndi kutentha kwa mu Okutobala, musaliike pakhonde powomba dzuwa kapena pansi pa malata opanda siling'i.

Ena akuuzani kuti galu azitsekeredwa tsiku lonse kuti akhale wolusa. Zimenezo ndi zina, ndipo ine sindigwirizana nazo. Ngati mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, khola lokha silingakwane: pakhale wina wokatulutsa masana, apo ayi katchingireni malo okulirapo okhala ndi madzi, kholalo lili momwemo chitseko chili chotsegula.

Nanga kakalakwanso? Mukakapeza kakukodza, kanyamuleni msanga kupita nako panja, kakamaliza konko mukayamikire. Mukapeza zitachitika kale, ingokolopani bwino kuti fungo lichoke. Nsapato zikwere pamwamba, kapatseni chidole cholimba choti kazitafuna. Auzeninso ana kuti galu akalowa m'khola mwake sakokedwa mchira kapena kutulutsidwa kuti asewere naye.